Mutu wa disiki uyambire kuti? Kuwerengera ulendo wa SCAN ndi C-SCAN

Mukakhala pafupi ndi kompyuta yokhala ndi hadi disiki yozungulira, n'kuitsegulira mapulogalamu angapo nthawi imodzi, mumamva kaphokoso ka kereketekerekete kuchokera mkati. Kaphokoso kameneko ndi ka mkono wachitsulo umene ukuthamangira uku ndi uku pamwamba pa mbale zosungira deta. Kunsonga kwa mkonowo kuli kachipangizo kowerenga ndi kulemba, kamene timakatcha mutu. Mbalezo zimazungulira mosalekeza, kawirikawiri maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mphindi imodzi, ndipo deta imakhala m'mizere yozungulira yotchedwa mathiraki. Popeza mbale zimasanjikizana ndipo mitu yonse imayenda pamodzi pa mkono umodzi, mathiraki onse amene ali pamtunda wofanana kuchokera pakati amawerengedwa ngati chinthu chimodzi, silinda. Tikamati mutu uli pa silinda 60, tikutanthauza malo amene mkono waima.

Kuti disiki ipereke kachidutswa ka deta kamene kapemphedwa, pamadutsa zinthu zitatu. Mkono uyenera kusuntha kufika pa silinda yoyenera, zimene pa disiki ya kompyuta wamba zimatenga mamilisekondi pafupifupi 8 mpaka 10. Kenako mutu uyenera kudikira kuti mbale izungulire mpaka sekitala yofunikayo, kachigawo ka thiraki kamene kali ndi detayo, ifike pansi pake. Pa disiki ya maulendo 7,200, kuzungulira kamodzi kumatenga mamilisekondi 8.33, choncho kudikirako kumakhala pafupifupi theka lake, 4.17. Kuwerenga kwenikweniko, ngati deta ndi yochepa, sikufika ngakhale milisekondi imodzi. Ndiye kuti nthawi yambiri imathera pa ulendo osati pa ntchito. Pamene mapempho aunjikana pamzere, dongosolo limene tiwatumikire nalo ndilo limalamula kutalika kwa ulendowo.

Akatswiri anayamba kuisinkhasinkha nkhaniyi kalekale. Peter Denning anayerekezera njira zingapo zosanjira mapempho mu 1967, ndipo Toby Teorey ndi Tad Pinkerton anaziyerekezeranso mwatsatanetsatane mu 1972. Mayina amene ophunzira a kompyuta amakumana nawo lero m'kalasi ndi a nthawi imeneyo.

Tiyeni titenge chitsanzo chimodzi chimene tiyende nacho mpaka kumapeto. Disiki yathu ili ndi masilinda 200, kuyambira 0 mpaka 199. Mutu uli pa silinda 60, ndipo unali kulowera chokwera, kumene manambala akukula. Mapempho asanu ndi atatu afika motsatana chonchi:

```
120, 15, 175, 54, 90, 8, 140, 70
```

Njira yosavuta kuposa zonse ndi FCFS: wofika poyamba atumikiridwe poyamba, ngati pamzere wa kuchigayo. Mtunda wa sitepe iliyonse ndi kusiyana kwa manambala awiri, posatengera kuti mutu wakwera kapena watsika.

```
60 -> 120 -> 15 -> 175 -> 54 -> 90 -> 8 -> 140 -> 70
60 + 105 + 160 + 121 + 36 + 82 + 132 + 70 = 766
```

Masilinda 766 pa disiki imene m'lifupi mwake ndi 199 basi. Taonani silinda 70: inali masitepe khumi okha kuchokera pamene mutu unayambira, koma mutu waidumpha kasanu ndi kawiri usanaime pamenepo. Palibe amene waponderezedwa, koma mkono wavutikira pachabe.

Nzeru yoyamba imene imabwera m'mutu mwa aliyense ndi yakuti tizingopita ku pempho limene lili pafupi. Imeneyi ndiyo SSTF. Kuchokera pa 60, lapafupi ndi 54, kenako 70, ndipo kuchokera apo lapafupi limangokhala la m'mwamba mpaka 175. Zikatero mpamene mutu umakumbukira 15 ndi 8.

```
60 -> 54 -> 70 -> 90 -> 120 -> 140 -> 175 -> 15 -> 8
6 + 16 + 20 + 30 + 20 + 35 + 160 + 7 = 294
```

Kutsika kuchoka pa 766 kufika pa 294 si nkhani yamasewera. Koma pepala limabisa chinthu chimodzi. Pa pepala mapempho ndi asanu ndi atatu ndipo amatha. Mu kompyuta yeniyeni atsopano amabwerabe mutu uli pa ntchito. Tiyerekeze kuti pulogalamu ina ikuwerenga fayilo yaikulu imene ili pakati pa silinda 120 ndi 140, ndipo ikangolandira chidutswa chimodzi imapempha china. Pempho lake lizikhala lapafupi nthawi zonse, ndipo la pa silinda 8 lidzadikira mpaka pulogalamuyo itakhuta. SSTF ilibe lamulo lililonse lokakamiza mutu kuti uchoke pamene pali chakudya. Pempho lakutali likhoza kufa ndi njala.

SCAN inabwera kudzathetsa vuto limeneli ndi lamulo limodzi: mutu ukayamba kulowera mbali ina, usabwerere mpaka utafika kumapeto kwa disiki. Pempho lililonse limene waliona panjira umalitumikira. Ukafika kumapeto umatembenuka, n'kuchita chimodzimodzi pobwerera. Ambiri amaitcha njira ya chikepe, chifukwa chikepe cha m'nyumba zosanja chikamakwera sichitsikira munthu amene wachiitana pansi, chimamaliza kaye a m'mwamba.

M'chitsanzo chathu mutu ukukwera, choncho utenga 70, 90, 120, 140 ndi 175, upitirira mpaka 199 ngakhale kulibe pempho, kenako utsika kukatenga 54, 15 ndi 8. Apa palibe chifukwa chowerengera sitepe iliyonse. Mutu ukamayenda mbali imodzi osabwerera, timasitepe tonse tikaphatikizidwa timafanana ndi mtunda wa kuchokera poyambira kufika potembenukira.

```
60 -> 70 -> 90 -> 120 -> 140 -> 175 -> 199 -> 54 -> 15 -> 8
(199 - 60) + (199 - 8) = 139 + 191 = 330
```

Zolakwika ziwiri zimaoneka kawirikawiri pa mawerengedwe amenewa. Ena amaiwala 199 n'kutembenukira pa 175. Ena amatsitsa mutu mpaka pa 0 pomaliza, pamene mapempho atha kale pa 8. Kumapeto kwa disiki kumawerengedwa pokhapokha ngati mutu uyenera kutembenukira pamenepo kuti ukatumikire ena otsala.

Amene atembenukira pa 175 aja sanapeke zopanda pake, angowerengera njira ina yotchedwa LOOK. Imeneyi imasuzumira kutsogolo, ndipo ikaona kuti kulibenso pempho, imatembenuka pomwepo. Mtunda wake ndi (175 - 60) + (175 - 8), kutanthauza 115 + 167 = 282. Kusiyana kwake ndi SCAN ndi 48, womwe ndi ulendo wopanda phindu wa masilinda 24 kuchoka pa 175 kufika pa 199, popita ndi pobwera.

Mbali imene mutu ukulowera imasintha yankho kwambiri, ndipo funso limene silinatchule mbaliyi ndi losakwanira. Mutu wathu ukadakhala kuti ukutsika, SCAN ikadayenda 60 kufika pa 0, kenako 175 kukwera, zonse 235. LOOK ikadayenda 52 kufika pa 8, kenako 167, zonse 219. Nambala ya 219 imeneyi ndiyo yochepetsetsa imene njira iliyonse ingapeze pa mapempho amenewa, chifukwa mutu uyenera kufika pa 8 ndi pa 175 pomwe, ndipo chanzeru ndi kuyamba ndi mbali yaifupi kuti ndiyo ibwerezedwe kawiri. Izi zikusonyezanso kuti SSTF, ngakhale imasankha chapafupi pa sitepe iliyonse, siipeza ulendo waufupi kwambiri: 294 ndi wotalika ndi 75.

Tsopano C-SCAN. Mutu umatumikira mapempho pokwera pokha. Ukafika pa 199 umathamangira ku 0 osaima paliponse, n'kuyambiranso kukwera. Zili ngati mmene maso amayendera powerenga: amatsata mzere kuchokera kumanzere kupita kumanja, kenako amalumphira kumayambiriro kwa mzere wotsatira osawerenga chobwerera m'mbuyo.

```
60 -> 70 -> 90 -> 120 -> 140 -> 175 -> 199 -> 0 -> 8 -> 15 -> 54
(199 - 60) + (199 - 0) + (54 - 0) = 139 + 199 + 54 = 392
```

Pano pali mkangano umene umasokoneza ophunzira ambiri. Aphunzitsi ena sawerengera ulendo wobwerera uja, ndipo yankho lawo limakhala 139 + 54 = 193. Ine ndimauwerengera. Mkono umayendadi mtunda umenewo, chifukwa silinda 199 ndi silinda 0 sizinalumikizane, ina ili m'mphepete mwa mbale ina pafupi ndi pakati. Koma chofunika poyankha ndi kulemba poyera kuti mwatenga njira iti, kuti wowerenga aone kumene 392 kapena 193 yachokera. C-LOOK, mng'ono wake, imatembenukira pa 175, imalumphira pa 8, n'kukwera kufika pa 54: 115 + 167 + 46 = 328.

Tikayang'ana manambala okhawa, C-SCAN yagonja: 392 poyerekeza ndi 330. Pempho la pa silinda 54, limene linali masitepe asanu ndi limodzi okha kumbuyo kwa mutu, ladikira ulendo wa 284 pa SCAN, koma pa C-SCAN ladikira wonse wa 392 ndipo latumikiridwa pomalizira penipeni. Nanga n'chifukwa chiyani munthu angasankhe njira yotere? Yankho lili pa funso lina limene kuphatikiza mtunda sikuyankha: kodi silinda iliyonse imaona mutu pakapita nthawi yotalika bwanji?

Tiyeze SCAN ndi muyeso umenewu. Ulendo wathunthu wokwera ndi kutsika ndi 199 + 199 = 398, ndipo silinda iliyonse yapakati imadutsidwa kawiri pa ulendowo. Silinda 100 ikadutsidwa pokwera, mutu umapita ku 199 n'kubwerera, mtunda wa 198. Ikadutsidwa potsika, mutu umapita ku 0 n'kubwerera, mtunda wa 200. Mipata iwiriyi ndi yofanana ndithu. Silinda 8 nayonso imadutsidwa kawiri, koma mosiyana kwambiri. Mutu ukaidutsa potsika umabwereranso patangopita 16. Ukaidutsa pokwera subweranso mpaka utayenda 191 popita ndi 191 pobwera, zonse 382. Kudutsa kwachiwiri kwa pa mpata wa 16 kuja kulibe phindu lenileni, chifukwa m'kanthawi kochepa chotero mwayi woti pempho latsopano lafika ndi wochepa. Pafupifupi mapempho onse a silinda 8 amagwera mu mpata wautali uja.

Izi zikhoza kuwerengedwa. Ngati mapempho amafika nthawi ina iliyonse mosasankha, ndipo mipata iwiri ndi `a` ndi `b`, kudikira kwapakatikati kumapezeka chonchi:

```
(a*a + b*b) / (2 * (a + b))
100: (198*198 + 200*200) / 796 = 99.5
8:   (16*16 + 382*382) / 796 = 183.6
```

Chifukwa chake mpata uliwonse umachulukitsidwa ndi mwini wake n'chakuti mpata wautali umavulaza kawiri: umagwira mapempho ambiri, ndiponso lililonse mwa iwo limadikira nthawi yaitali. Zotsatira zake n'zoonekeratu. Fayilo imene inagwera m'mphepete mwa disiki imadikira pafupifupi kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi imene inagwera pakati, popanda chifukwa china koma malo ake. SCAN sipha akutali ndi njala monga SSTF, koma imakondera apakati.

Palinso mbali ina ya vuto lomweli. Mutu ukangotembenuka pa 199, umayamba kudutsa masilinda amene wangowasesa kumene, mmene mulibe kanthu, pamene mapempho amene aunjikana ndiponso adikira kwambiri ali kutsidya lina, ndipo SCAN iwafikira pomalizira. C-SCAN imati, popeza odikira kwambiri ali uko, tiyeni tithamangire komweko. Ikatero silinda iliyonse, kaya 8, 100 kapena 190, imaona mutu kamodzi pa ulendo uliwonse, pa mpata wofanana. Palibe malo abwino kapena oipa. Pa makina amene akutumikira anthu ambiri nthawi imodzi, kapena amene akutulutsa kanema amene sayenera kudukiza, kudziwa kuti kudikira sikupyola malire akutiakuti kumaposa kupulumutsa masilinda ochepa.

Ndipo ulendo wobwerera uja si wodula monga mmene nambala ya 199 ikuonetsera. Apa mpamene muyeso wa masilinda umafooka. Nthawi yosuntha mkono siikula mofanana ndi mtunda. Mkono umayamba ndi kuwonjezera liwiro, pa ulendo wautali umathamanga pa liwiro lake lonse, kenako umachepetsa, ndipo pomaliza umafunika kanthawi kuti ukhazikike bwinobwino pa thiraki. Kunyamuka ndi kukhazikika kumalipiridwa pa ulendo uliwonse, waufupi kapena wautali. Choncho kulumpha kamodzi kuchoka mbali ina ya disiki kufika mbali inayo kumatenga nthawi yochepa kwambiri kusiyana ndi kuyenda mtunda womwewo ukuima malo khumi. Onjezani kuti paliponse pamene mutu waima pali kudikira mbale. Mapempho athu asanu ndi atatu, pa disiki ya maulendo 7,200, amadya mamilisekondi pafupifupi 33 pa kudikira kumeneku kokha, kaya tasankha njira iti. Amene sawerengera ulendo wobwerera aja akuganiza za nthawi, ndipo pamenepo ali ndi mfundo. Cholakwika ndi kutenga 193 wawoyo n'kumuika pambali pa 330 ngati kuti onse ayezedwa ndi muyeso umodzi.

SCAN ndi C-SCAN nazonso zili ndi pozembera njala. Ngati mapempho atsopano akungofikira pa silinda imene mutu waima, mkono ukhoza kukakamira pamenepo osapita patsogolo. Mankhwala ake ndi kutseka mzere: FSCAN imasunga mizere iwiri, ndipo pamene mutu ukusesa wina, mapempho atsopano amalowa mu winawo kudikira ulendo wotsatira.

Nanga pa makina a lero? Pulogalamu yoyendetsa kompyuta sionanso masilinda. Disiki imadzionetsa ngati mndandanda wa mabuloko okhala ndi manambala, LBA, ndipo ndi disikiyo yokha imene imadziwa kuti buloko iliyonse ili pati. Mathiraki akunja amasunga masekitala ambiri kuposa amkati, ndipo sekitala yowonongeka imalowedwa m'malo ndi ina ya pamalo ena mwakachetechete. Komabe manambala oyandikana nthawi zambiri amakhala pamalo oyandikana, choncho kusanja potsata LBA kumagwirabe ntchito. Madisiki a SATA okhala ndi NCQ amalandiranso malamulo ofika 32 nthawi imodzi n'kuwasanja okha. Disiki ili ndi mwayi umene pulogalamu ilibe, wodziwa pamene mbale yafika pa kuzungulira kwake. Ikhoza kuona kuti pempho la patali pang'ono lipezeka msanga kuposa lapafupi limene sekitala yake yangodutsa kumene.

Pa Linux mukhoza kuona nokha njira imene ikugwira ntchito pa disiki yanu, imene apa taitcha `sda`:

```
cat /sys/block/sda/queue/scheduler
cat /sys/block/sda/queue/rotational
iostat -x 2
```

Lamulo loyamba limaonetsa mayina monga `mq-deadline`, `bfq` ndi `none`, ndipo limene lasankhidwa limakhala m'mikutiramawu. Lachiwiri limayankha 1 ngati disiki ndi yozungulira, 0 ngati si yozungulira. Mwa mayinawa, `mq-deadline` ndiyo mdzukulu weniweni wa zimene takambiranazi. Imasanja mapempho potsata nambala ya sekitala n'kuwatumiza chokwera, mbali imodzi yokha monga C-SCAN, m'magulu a 16. Koma pempho lililonse limapatsidwanso nthawi yake: mamilisekondi 500 ngati ndi lowerenga, masekondi 5 ngati ndi lolemba. Gulu likatha, imayang'ana ngati pempho lakale kwambiri lapyola nthawi yake, ndipo ngati lapyola imalumphira pamenepo n'kuyambira kukwera kuchokera pomwepo. Kuwerenga kumapatsidwa nthawi yochepa chifukwa pulogalamu yopempha deta imakhala itaima kudikira, pamene zolemba zambiri zimatha kukhala kaye mu memore popanda wina kuzindikira. Manambala amenewa ali mu `read_expire`, `write_expire` ndi `fifo_batch`, mkati mwa `/sys/block/sda/queue/iosched/`, ndipo akhoza kusinthidwa.

Pa zotuluka za `iostat`, yang'anani `aqu-sz`, imene ndi kutalika kwa mzere, ndi `r_await`, imene ndi mamilisekondi amene pempho lowerenga limatenga kuyambira pamene lalowa pamzere mpaka latha. Ngati `aqu-sz` ili pa 1 kapena pansi pake, kusintha njira yosanjira sikuthandiza, chifukwa pempho limodzi silisanjika: FCFS, SSTF ndi LOOK zonse zimangopita pamalo omwewo. Ngati mzere ndi wautali ndipo `r_await` yakwera kufika mamilisekondi mazana pamene ntchito yaikulu yokopera mafayilo ikuyenda, pamenepo ndiye kusanja kuli ndi chonena. Pa SSD, disiki yosunga deta m'tizipangizo tamagetsi, mulibe mkono kapena mbale, choncho mtunda wa pakati pa mabuloko sutanthauza ulendo uliwonse. N'chifukwa chake pa SSD ya mtundu wa NVMe mukayang'ana mu `/sys/block/nvme0n1/queue/scheduler` kawirikawiri mupeza `none` ndiyo yasankhidwa.